Chala Chikangokhudza, Nyimbo Zii: Kuweta Timahedifoni Tomva Msanga

Minibasi yadzaza, anthu akhala anayianayi, ndipo bambo amene ali pampando wakumbuyo akumvetsera ulaliki wa ola lathunthu umene anaukopera pafoni dzulo lake. M'makutu mwake muli timahedifoni topanda nthambo, tija tokhala m'kabokosi kochajira. Galimoto yagunda dzenje, kahedifoni kakumanja kasuntha ngati kakufuna kugwa, bamboyo wakakankhira m'kati ndi chala. Mlaliki uja zii. Wakhudzanso kuti mawu abwerere, koma minibasi yagwedezeka, chala chagunda kawiri, ndiye foni yadumpha ulaliki wonse n'kuyamba nyimbo yakwaya. Kuti apeze pomwe analekera, ayenera kutulutsa foni m'thumba pakati pa anthu othinana chonchi.

Ambiri zikawachitikira amati timahedifonito n'tachinyengo kapena tawonongeka. Kawirikawiri si choncho. Kahedifoniko kachita ndendende zimene kanapangidwira: kamva chala, kapereka lamulo. Vuto n'lakuti pa mitundu yambiri, malo amene munthu amagwira pofuna kukakhazika bwino m'khutu ndi omwewonso amene amalandira malamulo. Munthu akadziwa mmene kake kamamvera, komanso zimene pulogalamu yake ya pafoni, imene ambiri amangoti apu, ingasinthe, vutoli limachepa kwambiri osagula tina.

Njira zinayi zomvera chala

Timahedifoni timaoneka ngati tofanana, koma timamva chala m'njira zinayi zosiyana, ndipo njira iliyonse ili ndi kulakwitsa kwakekwake.

Njira yoyamba ndi batani lenileni, lodinika, lolira kuti thi. Mitundu ngati Jabra Elite 75t ndi Beats Fit Pro ili ndi batani lotere kunja kwake. Batani silisamala za mvula, thukuta kapena magolovesi, ndipo tsitsi silingalidine. Kuipa kwake n'kwakuti polidina munthu amakankhira kahedifoni konse m'kati mwa khutu, n'kumva kugunda kosasangalatsa. Ozolowera amagwiriza kahedifoniko m'mbali ndi chala chachikulu n'kudina ndi chamkombaphala, kuti mphamvu yonse isathere m'khutu.

Njira yachiwiri ndi yomva kugwedezeka. AirPods zoyamba, zimene kampani ya Apple inayamba kugulitsa mu Disembala 2016, zinalibe batani ngakhale malo omva khungu. M'kati mwake munali kachipangizo kozindikira kugunda, ndipo zinkamva lamulo limodzi lokha: kugogoda kawiri motsatizana. Kukhudza kamodzi sikunali ndi tanthauzo, choncho munthu ankatha kuzikonza m'khutu popanda kudula nyimbo. Kampani ya Sony inapititsa nzeru imeneyi patali mu 2022 ndi LinkBuds, zimene zimamva munthu akagogoda patsaya, kutsogolo kwa khutu, osakhudza n'komwe kahedifoniko.

Njira yachitatu ndi imene yafala kwambiri, kuyambira pa Galaxy Buds za Samsung mpaka pa totsika mtengo togulitsidwa m'misika: kamalo kosalala kunja kwa kahedifoni komva khungu. Sikafuna mphamvu. Kungokapululusa n'kokwanira. Madandaulo ambiri a kukhudza mwangozi amachokera pa mtundu umenewu.

Njira yachinayi ndi kutsina. Mu Okutobala 2019 Apple inatulutsa AirPods Pro, zimene kamchira kake kali ndi kamalo kophwatalala komva mphamvu ya zala ziwiri. Palibe chimene chimadinika, koma kahedifoniko kamaliza kaphokoso ngati ka batani kuti munthu adziwe kuti kamva. Kutsina kamodzi kumaimitsa kapena kuyambitsa nyimbo, kawiri kumapita kutsogolo, katatu kumabwerera m'mbuyo. Pilo, chipewa kapena phewa sizingatsine, ndipo mphamvu ya zala imathera pakamchira, osati m'khutu. Samsung, imene inakhala zaka zingapo ikugwiritsa ntchito malo omva khungu, nayonso inasamukira ku kamchira kotsina ndi Galaxy Buds3 mu Julayi 2024.

Chifukwa chake madzi amanamiza kahedifoni

Kuti munthu amvetse chifukwa chake mtundu wachitatu uja umavuta, ayenera kudziwa chimene chili pansi pa pulasitiki yake. Pali kachitsulo kopyapyala kamene kamasunga timagetsi tochepa zedi, ndipo kachipangizo kena kamayeza kambirimbiri pa sekondi kuchuluka kwa magetsi amene kachitsuloko kangasunge. Thupi la munthu lili ndi madzi ndi mchere wambiri, choncho limadutsa magetsi. Chala chikayandikira, muyezo uja umasintha, ndipo kusinthako kukapyola mlingo umene opanga anaika, kahedifoni kamati kakhudzidwa. Ndi nzeru yomweyo imene ili pagalasi la foni.

Apa pali mfundo yofunika: kachitsulo kaja sikadziwa chala. Kamangodziwa chinthu chodutsa magetsi. Dontho la thukuta lotsika kuchokera m'tsitsi, tsitsi lonyowa, chipewa cha jekete chimene chavumbwa ndi mvula, mkono umene munthu watsamira pogona, phewa lovula pamene wapendeketsa mutu, zonsezi zingamveke ngati chala. Thukuta limaposa madzi a mvula pa kunamiza chifukwa lili ndi mchere.

Mbali inayo n'njoonanso. Nsalu youma siidutsa magetsi, n'chifukwa chake munthu wovala magolovesi okhuthala m'mawa wa Juni amagogoda mpaka kutopa kahedifoni osamva. Duku louma lokha silivuta. Limavuta pamene mayi akulimanga kapena kulikonza, chifukwa nsalu yake n'njopyapyala ndipo chala chimamveka kudzera m'nsaluyo, monga mmene chimamvekera kudzera m'pulasitiki ya kahedifoniko.

Ena amadabwa kuti pabokosi panalembedwa `IPX4` kapena `IPX5`, koma mvula ikamawaza nyimbo zikungodumpha. Zilembo zimenezo zikunena za kulimba kwa kahedifoni kuti madzi asakawononge. Sizikulonjeza kuti kamalo komva khungu kasiyanitsa dontho ndi chala.

Palinso nkhani ya nthawi. Kamalo kamodzi komweko kamayenera kumva malamulo anayi kapena kuposa: kukhudza kamodzi, kawiri, katatu ndi kugwiriza chala kwa kanthawi. Chala chikachoka koyamba, kahedifoni kamadikira kachigawo ka sekondi kuti kaone ngati kukubwera kukhudza kwachiwiri. N'chifukwa chake nyimbo siima nthawi yomweyo. Munthu wopupuluma amaganiza kuti sikanamve, n'kukhudzanso, ndipo kahedifoni kamawerenga kawiri n'kudumpha nyimbo. Wina wodekha kwambiri amagogoda kawiri motalikirana, kahedifoni n'kumva malamulo awiri osiyana: imitsa, yambitsa. Iye amangoona ngati palibe chachitika, kupatula kuti nyimbo inadukiza pang'ono.

Kaye, kodi ndi kukhudzadi?

Nyimbo ikaima yokha, pali zinthu zinayi zimene zingakhale zachititsa, ndipo kukhudza ndi chimodzi chabe. Kuzimitsa malo okhudza pamene vuto lili pena n'kutaya nthawi, choncho ndi bwino kumvetsera kaye mmene nyimboyo yaimira.

Ngati munamveka kabelu kakafupi kenako nyimbo n'kuima, ndiye kuti kahedifoni kamva kukhudza, chifukwa mitundu yambiri imaliza kabeluko ikalandira lamulo. Ngati nyimbo yaima popanda kabelu, makamaka munthu akamatafuna, akamayasamula kapena akamathamanga, wolakwa amakhala kadiso kam'kati kozindikira ngati kahedifoni kali m'khutu. Kahedifoni kakasuntha pang'ono, kadisoko kamaganiza kuti kachotsedwa n'kuimitsa nyimbo. Phula la m'khutu likamata pakadisoko limasokonezanso. Pa iPhone chinthuchi chimatchedwa `Automatic Ear Detection` ndipo chimazimitsika pachokha.

Ngati nyimbo imatsika kapena kuima munthu akangoyankhula, kuimba kapena kutsokomola, kenako n'kubwerera yokha patapita masekondi angapo, ndiye kuti kahedifoni kayatsidwa kuti kazimvetsera mawu a mwini wake. Sony imachitcha `Speak-to-Chat`, Samsung imati `Voice detect`, Apple imati `Conversation Awareness`. Oimba kwaya amene amaphunzira nyimbo akutsatira ndi pakamwa amakumana nazo kwambiri zimenezi. Ndipo ngati mawu akudukaduka ngati wailesi imene ikutaya siteshoni, koma pafoni nyimbo ikuoneka kuti ikupitirira, vuto ndi kulumikizana kwa Bluetooth, mwina chifukwa foni ili m'thumba lakumbuyo kapena pali anthu ambiri othinana.

Mayeso osavuta ndi awa: kuzimitsa kukhudza konse mu apu kwa tsiku limodzi. Vuto likatha, linali kukhudza. Likapitirira, munthu ayang'ane zitatu zinazo.

Chitsanzo: telala ndi Galaxy Buds2 zake

Titenge mayi wosoka zovala amene ali ndi Galaxy Buds2, mtundu umene Samsung inatulutsa mu Ogasiti 2021. Amamvetsera nyimbo tsiku lonse ali pamakina, amawerama podula nsalu, amakoloweka tepi yoyezera m'khosi n'kuichotsa, amakonza duku, ndipo makasitomala amamuimbira pafupipafupi. Dandaulo lake n'lakuti nyimbo imaima kangapo pa ola, ndipo nthawi zina phokoso la msika limangolowa m'makutu mwadzidzidzi.

Pa mtundu umenewu malamulo ali motere. Kukhudza kamodzi kumaimitsa kapena kuyambitsa nyimbo. Kawiri kumapita ku nyimbo yotsatira, ndipo foni ikamalira kumayankha kapena kudula. Katatu kumabwerera m'mbuyo. Kugwiriza chala kumasintha pakati pa kutsekereza phokoso lakunja ndi kulilowetsa, ndipo foni ikamalira kumakana. Munthu akaona ndandanda imeneyi, madandaulo awiri a mayiyu amadzifotokoza okha. Kuima kwa nyimbo ndi kukhudza kamodzi, kochokera ku dzanja lodutsa ndi tepi kapena duku. Phokoso la msika ndi kugwiriza chala, kumene kumachitika pamene akukankhira kahedifoni m'khutu n'kuchedwa kuchotsa chala.

Choyamba ndi kuika apu yotchedwa `Galaxy Wearable` kuchokera pa `Play Store`. Imagwira pa mafoni a Android ngakhale osakhala a Samsung, koma Buds2 zimafuna Android 7.0 kapena wapamwamba ndi RAM yoposa 1.5GB, zimene mafoni ena otsika mtengo alibe. Apuyo ikazindikira timahedifoni imapempha kukopera kapulogalamu kena kowonjezera ka mtundu umenewo, choncho ndi bwino kukhala ndi bandulo yokwanira asanayambe. Timahedifoni tonse tiwiri tikhale tolumikizidwa, makamaka tili m'makutu, chifukwa zimene akusintha zimatumizidwa kwa ito nthawi yomweyo.

Asanakhudze za malamulo, mayiyu ayambe ndi gwero la vuto: n'chifukwa chiyani akukankhira kahedifoni m'khutu kawirikawiri chonchi? Buds2 zimabwera ndi timphira ta kunsonga ta masaizi atatu, ndipo apu ili ndi mayeso otchedwa `Earbud fit test`, amene amaliza kanyimbo kwa masekondi ochepa n'kunena ngati kahedifoni katseka bwino khutu. Makutu a munthu mmodzi safanana nthawi zonse. N'zotheka kuti kumanzere kukwana kamphira kapakati pamene kumanja kukufunika kakakulu. Kahedifoni kakakhazikika, dzanja limasiya kupita kukhutu, ndipo gawo lalikulu la kukhudza mwangozi limathera pomwepo.

Kenako alowe pa `Touch controls`. Pamwamba pali kobowo kamodzi kozimitsira kukhudza konse, kamene pa mitundu yakale ya Samsung kankatchedwa `Lock touchpad` kapena `Block touches`. Kameneka n'kabwino pogona kapena poyenda pamvula, koma kwa telala wolandira mafoni a makasitomala n'kukhwimitsa kopyola muyezo. Ubwino wa Buds2 n'ngwakuti pansi pake lamulo lililonse lili ndi pozimitsira pakepake. Mayiyu azimitse kukhudza kamodzi kokha, n'kusiya kawiri ndi katatu. Dzanja lodutsa limakhudza kamodzi, koma si kawirikawiri kuti likhudze kawiri motsatizana m'kachigawo ka sekondi.

Chatsala ndi kugwiriza chala. Apa apu imalola kusankha ntchito ina m'malo mwa kusintha phokoso, monga kuitana wothandizira wa mawu wa pafoni kapena kusintha voliyumu. Akasankha voliyumu, kakumanja kamakweza ndipo kakumanzere kamatsitsa, ndipo ziwirizi zimayendera limodzi. Kwa mayiyu kusankha kumeneku n'kwanzeru pa zifukwa ziwiri. Voliyumu amaifuna kambiri pa tsiku, makina akayamba kulira kapena akasiya, ndipo ikasuntha pang'ono mwangozi palibe chimene wataya.

Kusinthaku kuli ndi mtengo wake, ndipo ndi bwino kuudziwiratu. Tsopano sangaimitse nyimbo ndi chala pakhutu, ayenera kugwira foni. Kusintha pakati pa kutsekereza phokoso ndi kulilowetsa kwasamukiranso mu apu. Kwa telala amene foni yake imakhala patebulo pafupi ndi sizasi, zimenezi si zovuta. Kwa wakabaza amene foni ili m'thumba la jekete, kuwerengera kwake kungakhale kwina.

Lamulo lodula liikidwe pa chizindikiro chovuta

Zimene mayi uja wachita zili ndi mfundo imene imagwira pa mtundu uliwonse. Malamulo onse salemera mofanana akachitika mwangozi. Voliyumu ikatsika pang'ono, munthu amangoikweza. Nyimbo ikaima, amaiyambitsanso. Koma ulaliki wa ola lathunthu ukadumphidwa, kapena foni ya abwana ikadulidwa pakati pa mawu, kutayako n'kwakukulu. Nazo zizindikiro sizifanana: kukhudza kamodzi kumachitika mwangozi kwambiri, kugwiriza kumatsatira, kawiri n'kosowa, katatu n'kosowa zedi. Choncho posankha mu apu, lamulo lopweteka kwambiri likalakwika liikidwe pa chizindikiro chovuta kuchichita mwangozi, ndipo chizindikiro chapafupi chipatsidwe ntchito yopepuka kapena chisiyidwe chopanda ntchito.

Apple inatsata mfundo imeneyi pa nkhani ya mafoni. Pa AirPods Pro, munthu akalowa mu `Settings` pa iPhone n'kudina dzina la AirPods zake, amapeza posankha ngati `End Call` ichitike ndi `Press Once` kapena `Press Twice`. Kusankha kawiri kumateteza kudula foni pamene munthu akungokonza kamchira. Palinso malo ena amene ambiri sawadziwa. Pansi pa `Accessibility`, kenako `AirPods`, pali `Press Speed`, pomwe munthu angasankhe `Slower` kapena `Slowest` kuti kahedifoni kadikire nthawi yotalikirapo pakati pa kutsina koyamba ndi kwachiwiri. Zimenezi zimathandiza achikulire ndi aliyense amene zala zake sizithamanga, amene kutsina kwawo kawiri kumamveka ngati malamulo awiri osiyana.

Pa AirPods zoyamba ndi zachiwiri, zomva kugogoda zija, khutu lililonse limapatsidwa ntchito yakeyake pa kugogoda kawiri, ndipo pa ndandandayo pali `Off`. Munthu wogonera kumanzere angazimitse kakumanzere n'kusiya kakumanja.

Si apu iliyonse imapereka ufulu wofanana

Makampani amasiyana kwambiri pa mlingo umene amalola mwini kusintha. Sony, pa WF-1000XM4 za mu 2021, siilola kusankha chizindikiro chimodzichimodzi. M'malo mwake khutu lililonse limapatsidwa phukusi lathunthu la malamulo. Mu apu yake, imene inkatchedwa `Headphones Connect` ndipo kuyambira mu 2024 imatchedwa `Sound Connect`, munthu amapita pa `System` n'kusankha `Change the touch sensor function`. Apo pali phukusi la nyimbo, `Playback Control`, la phokoso lakunja, `Ambient Sound Control`, la voliyumu, `Volume Control`, ndi lopanda ntchito, `None Assigned`. Makutu ndi awiri, maphukusi antchito ndi atatu, choncho limodzi liyenera kutsala. Ndipo amene akuvutika ndi kukhudza kamodzi sangakuchotse kokha monga anachitira telala uja. Angathe kungokhazika chete khutu lonse limene limavuta, kapena kulipatsa voliyumu.

Jabra, ya mabatani ija, inali ndi gawo lotchedwa `MyControls` mu apu ya `Sound+`, lolola kusankha ntchito ya kudina kamodzi, kawiri ndi katatu pa khutu lililonse, padera pa nyimbo ndi padera pa mafoni. Eni kampaniyi analengeza mu Juni 2024 kuti akusiya kupanga timahedifoni ta Elite, choncho totsala pamsika ndi ta kale kapena togwiritsidwa kale ntchito. Oraimo, imene katundu wake ndi wodziwika m'masitolo a mafoni m'mayiko ambiri a mu Africa, ili ndi apu yotchedwa `oraimo sound`, ndipo Anker ili ndi `soundcore`. Zonsezi zimalola kusintha zizindikiro, koma pa mitundu ina yokha, osati yonse. Wogula ayang'ane pabokosi ngati mtundu umenewo watchulidwa kuti umagwira ndi apu.

Palinso mpanda pakati pa makampani. Galaxy Buds2 zimalira bwinobwino pa iPhone, koma apu ya Samsung ya pa iPhone siizizindikira, choncho palibe posinthira. AirPods nazo zimalira pa Android, koma Apple ilibe apu ya Android yosinthira malamulo ake. Pali njira yozembera mpandawu. Pa mitundu yambiri, zimene munthu wasankha zimasungidwa m'kati mwa timahedifonito, osati mufoni. Mwini Buds2 amene ali ndi iPhone angabwereke foni ya Android ya mnzake kwa mphindi khumi, n'kusintha, n'kubwerera ku foni yake zosinthazo zili momwemo. Chomwecho ndi telala uja ngati foni yake ili yaing'ono moti siingalandire apu.

Chifukwa chomwecho, munthu akabwezeretsa timahedifoni mmene tinachokera kufakitale, ndi `Reset`, zonse zimene anasankha zimafufutika ndipo kukhudza kamodzi kumabwerera. Wogula togwiritsidwa kale ntchito akapeza kuti khutu limodzi silimva chala, asafulumire kunena kuti n'lakufa. Mwina mwini wake woyamba analizimitsa dala. Apu imakhalanso njira yolandirira mapulogalamu atsopano a m'kati mwa timahedifoni, ndipo makampani nthawi zina amakonza kamvedwe ka chala kapena kuwonjezera zosankha kudzera m'menemo. Pokopera zimenezi batire ya timahedifoni ikhale yodzaza bwino, ndipo tisasunthidwe kutali ndi foni mpaka zithe.

Pamene palibe apu

Timahedifoni tambiri tam'misika, kuphatikizapo toyera tofanizira AirPods, tilibe apu iliyonse. Tina tili ndi kamchira kooneka ngati kotsina, koma m'kati mwake muli kamalo komva khungu wamba. Kuzindikira n'kosavuta: munthu akhudze pang'onopang'ono popanda mphamvu. Nyimbo ikaima, ndiye kuti si kotsina. Choopsa china pa mitundu yotere n'chakuti kugwiriza chala kwa masekondi angapo nthawi zambiri kumazimitsa kahedifoniko, ndipo pa ina pali chizindikiro choimbiranso nambala yomaliza, moti munthu angapezeke akuimbira wina mayunitsi akutha iye osadziwa.

Apa chida chokha ndi dzanja. Choyamba ndi kupeza malire a kamalo komva: nyimbo ikulira, munthu akhudze malo osiyanasiyana, pakati, m'mphepete, pakamchira, n'kuona pamene pakuyankha. Kawirikawiri kamaloko n'kakang'ono kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo m'mphepete simumva. Akatero aphunzire kugwira kahedifoni m'mbali ndi zala ziwiri, pamwamba ndi pansi, monga mmene amagwirira njere ya mtedza, ndipo pokakhazika m'khutu azikapotoza pang'ono m'malo mokakankha pakati. Pa kamchira, agwire kunsonga kwake kwenikweni. Poika m'khutu koyamba, kukokera khutu m'mwamba ndi dzanja linalo kumatsegula njira, moti sipafunika kukankha.

Chachiwiri ndi kuuma. Pambuyo pa kuthamanga kapena kuvumbwa, kahedifoni kapukutidwe ndi kansalu kouma, ndipo chala chopukutidwa ndicho chikhudze. Mafuta odzola ndi a tsitsi akaunjikana pamwamba pake amagwira fumbi ndi chinyontho, ndipo kamvedwe kamasokonekera: nthawi zina kumva zomwe palibe, nthawi zina kukana chala chenicheni. Kansalu kofewa n'kokwanira pa ntchitoyi, ndipo kahedifoni kasalowe m'kabokosi kakadali konyowa, chifukwa timapini tochajira timachita dzimbiri.

Kahedifoni kakamapereka malamulo kokha kali kouma, kali patebulo, palibe wokakhudza, munthu akaike m'kabokosi, atseke, adikire masekondi angapo n'kukatulutsanso osagwira pamalo omva. Pa mitundu yambiri kachipangizo koyeza kaja kamatenga muyezo wake woyambira pamene kakuyaka, choncho chala kapena chinyontho chimene chinalipo nthawi imeneyo chingakasokoneze mpaka katayatsidwanso. Zikapitirira ngakhale pambuyo pa kupukuta ndi `Reset`, ndiye kuti chinyontho chalowa m'kati kapena kachitsulo kaja kawonongeka, ndipo apu siingachize zimenezo.

Wofuna kugula tina angayese zonsezi asanapereke ndalama. Avale, ayambitse nyimbo, akonze kahedifoni m'khutu katatu monga mmene amachitira masiku onse, avule ndi kuvala chipewa, apendeketse mutu mpaka khutu ligunde phewa, n'kuwerenga kangati nyimbo yaima. Wogwira ntchito pamvula kapena wovala magolovesi afunse za mabatani, wogona nato afunse za kotsina, ndipo amene wakonda tokhudza atsegule apu yake pomwepo m'sitolo kuti aone ngati kukhudza kamodzi kuli ndi pozimitsira pake.